Nkhope Ndi Yanu, Mawu Ndi a Wina

Pa 18 Ogasiti 2024, kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti anthu a ku Amereka asankhe mtsogoleri wa dziko lawo, a Donald Trump anaika zithunzi zingapo patsamba lawo la Truth Social. Chimodzi mwa izo chinali cha woimba wotchuka Taylor Swift. Pachithunzipo anali atavala chipewa chachitali cha Uncle Sam, mkulu wandevu uja amene amaimira dziko la Amereka, yemwe chithunzi chake choloza chala chinatchuka mu 1917 pokopa anyamata kuti alowe usilikali. Kumbuyo kwa Swift kunali mbendera ya dzikolo, ndipo mawu olembedwa pachithunzipo amati woimbayo akufuna kuti anthu avotere a Trump. Pamwamba pake, a Trump analembapo kuti avomera.

Swift anali asanavalepo chipewacho pamaso pa kamera iliyonse, ndipo mawuwo sanali ake. Chithunzicho chinapangidwa ndi mapulogalamu a pakompyuta amene masiku ano akungotchulidwa kuti AI. Sichinkaoneka ngati chojambulidwa ndi kamera ayi. Aliyense woyang'anitsitsa amaona kuti ndi chokongoletsa, chofanana ndi posita. Koma nkhope inali yake, dzina linali lake, ndipo uthenga unali womveka.

Patapita milungu itatu, pa 10 Seputembala, Swift analemba patsamba lake la Instagram kuti adzavotera mayi Kamala Harris. Iye anafotokoza kuti chithunzi chabodzacho chinamuchititsa mantha pa nkhani ya AI ndi kufala kwa mabodza, n'chifukwa chake anaona kuti ayenera kunena yekha poyera maganizo ake. Woimbayu ali ndi omutsatira mamiliyoni mazanamazana, choncho atayankhula dziko lonse linamva. Mphunzitsi wa kupulayimale, mayi wa geni kapena m'busa wa mpingo waung'ono alibe pakamwa potero. Nkhope yawo ikagwiritsidwa ntchito mwanjira imeneyi, bodza limafika kutali kumene kukana kwawo sikungafike.

Chithunzi chimodzi chikukwanira

Luso losandutsa nkhope ya munthu kukhala katuni, chojambula cha penti kapena chidole lafika m'manja mwa aliyense m'zaka zochepa kwambiri. Kumapeto kwa 2022 anthu anatengeka ndi pulogalamu ya Lensa, ya kampani ya Prisma Labs. Munthu amatumiza zithunzi zake 10 mpaka 20, n'kulipira ndalama pang'ono, kenaka amalandira zithunzi zambirimbiri zomuonetsa ngati mfumu, msilikali kapena woyenda m'mlengalenga. Pofika mu Malichi 2025, kampani ya OpenAI itaika luso latsopano la zithunzi mu ChatGPT, chithunzi chimodzi chokha chinali chokwanira. Masiku ochepa chabe, masamba a mchezo anadzaza ndi nkhope za anthu zojambulidwa motengera makatuni a Studio Ghibli ya ku Japan.

Ambiri amachita zimenezi pofuna kusangalala, ndipo palibe cholakwika munthu kukongoletsa nkhope yake. Vuto ndi lakuti pulogalamu ilibe njira yodalirika yodziwira ngati chithunzi chimene yapatsidwa ndi cha amene wachitumizayo. Chikhoza kukhala chotapidwa pa Facebook, chotengedwa pasitetasi ya WhatsApp, kapena chojambulidwa mobisa paukwati.

Ngakhale mwini nkhope atatumiza yekha, chotuluka sichikhala m'manja mwake nthawi zonse. Mtolankhani Melissa Heikkilä, polemba m'magazini ya MIT Technology Review mu Disembala 2022, anafotokoza kuti mwa zithunzi 100 zimene Lensa inamupangira, 16 zinamuonetsa ali chifuwa pamtunda, ndipo zina 14 zinamuveka tizovala tosonyeza thupi. Iye anali atatumiza zithunzi wamba. Ngati pulogalamu ingachite zimenezo kwa munthu amene sanapemphe, nanga kuli bwanji ikakhala m'manja mwa mnyamata amene wakanidwa chibwenzi ndipo akufuna kuchititsa manyazi mtsikana?

Chimene katuni imasunga ndi chimene imataya

Anthu ambiri amaganiza kuti chithunzi chokongoletsa n'chosaopsa chifukwa aliyense akuona kuti si chenicheni. Zoona zake n'zakuti kuopsa kwake kwagona pomwepo.

Munthu amazindikira mnzake ndi zinthu zochepa: maonekedwe a chipumi, kametedwe, magalasi, mpata wa m'mano, ndevu, duku limene amakonda. Katuni yabwino imasunga zonsezi, nthawi zina n'kuzikuza. Choncho wachibale akaiona amangoti, "Awa ndi achimwene," osakayika n'komwe.

Chimene katuni imataya ndi umboni. Pachithunzi chabodza chofuna kuoneka chenicheni, munthu watcheru amatha kugwira zolakwika: zala zochuluka, ndolo zosiyana, zilembo zopindikapindika pachikwangwani chakumbuyo, mthunzi wogwera kolakwika. Pakatuni zonsezi zilibe ntchito, chifukwa katuni siyembekezeredwa kukhala yolondola. Dzanja likapindika, woona amangoti ndi mmene anajambulira.

Pali chinanso. Njira yodziwika yofufuzira chithunzi chokayikitsa ndi kuchiika pa Google Lens kapena TinEye kuti aone ngati chinaonekapo kwina. Zida zimenezi zimagwira bwino ntchito pamene wakuba wangokopera chithunzi cha munthu mmene chilili. Koma chithunzi chikasandutsidwa katuni chimakhala chatsopano, choti sichinaikidwepo paliponse, ndipo kawirikawiri kufufuzako sikufikitsa munthu ku chithunzi choyambirira kapena kwa mwini wake.

Pomaliza, katuni imapatsa wochimwa pothawira. Akagwidwa amati inali nthabwala chabe, ndipo amafunsa kuti ndani angakhulupirire katuni. Komatu anthu sakhulupirira kuti chojambulacho n'chenicheni. Chimene amakhulupirira n'chakuti mwini nkhopeyo akudziwa ndipo wavomereza. Palibe amene anaganiza kuti Swift anaimadi pamaso pa mbendera atavala chipewa chija. Funso limene chithunzicho chinadzala m'mitu ya anthu linali lakuti kodi iye ali mbali ya a Trump.

"Ndasintha nambala"

Kuno kwathu chinyengo cha pafoni si chachilendo. Pafupifupi aliyense amene ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba analandirapo uthenga wonamizira kuti ndi wa m'bale wake, womuuza kuti atumize ndalama panambala ina. Chithunzi chokongoletsa sichinayambitse chinyengochi, koma chikhoza kuchinola.

Tiyerekeze mayi wina ku Mangochi amene mchimwene wake amagwira ntchito ku Joni. Mchimweneyo amaika zithunzi zake pa Facebook poti aliyense aone, ndipo pansi pake achibale amalembapo ndemanga: "Mwatchena achimwene," "Ana akupereka moni ankolo." Ndemanga zimenezi zikuuza wakuba kuti mlongo ndi uti, mphwake ndi uti. Wakubayo atenga chithunzi chimodzi, achisandutsa katuni, agula simu ina, n'kuika katuniyo pa WhatsApp pamodzi ndi dzina la mchimweneyo. Kenaka alembera mlongo uja: "Achemwali, ndasintha nambala, foni ija yabedwa. Ndili pamavuto, ndikufotokozerani bwino mawa. Pali mnzanga ali ku Blantyre, mumutumizire kangachepe, ndibweza kumathero a mwezi."

Mayiyo akayang'ana kachithunzi kozungulira kaja akuona chipumi cha kubanja kwawo ndi kapu imene mchimwene wake savula. Sakudabwa kuti ndi katuni, poti anzake ambiri aikanso zangati zomwezo. Akapempha kuti ayankhulane, yankho limakhala lakuti netiweki ikuvuta kapena ali pantchito.

Chimene chingamupulumutse si kuyang'anitsitsa chithunzi. Ndi kuimba nambala yakale ija, ngakhale wauzidwa kuti foni yabedwa. Ndi kukakamira kuti amve mawu kapena aonane pavidiyo, n'kufunsa funso limene mlendo sangayankhe, monga dzina limene agogo ankamuitanira mchimweneyo ali mwana. Ndipo asanatsimikize kutumiza, awerenge dzina la wolandira ngati laoneka pafoni, kapena afunse ejenti kuti amuuze. Mchimwene uja nayenso ali ndi mbali yake: pa WhatsApp, pansi pa Settings, Privacy, Profile photo, akhoza kusankha My contacts kuti chithunzi chake chisamaonekere munthu aliyense amene wangopeza nambala yake.

Chenjezo limene limatsala m'mbuyo

Anthu ambiri opanga zithunzi zoterezi si akuba. Ndi achinyamata oseweretsa foni, okonza maposita, atolankhani, a mabungwe. Iwo amafuna kuchita chilungamo, ndipo amaganiza kuti akalemba pansi pa chithunzi kuti n'chopanga ndiye kuti athana nazo. Nkhani ya Eliot Higgins ikusonyeza kuti zimenezo sizikwanira.

Higgins ndi amene anayambitsa gulu la Bellingcat, lodziwika padziko lonse ndi ntchito yofufuza ngati zithunzi ndi mavidiyo zili zoona. Mu Malichi 2023, mphekesera zili ponseponse zoti a Trump amangidwa ku New York, iye anagwiritsa ntchito pulogalamu ya Midjourney kupanga zithunzi zoonetsa apolisi akulimbana ndi a Trump pamsewu. Poziika pa Twitter ananena mosabisa kuti akupanga zithunzi za kumangidwa kwa a Trump podikira kuti kumangidwako kuchitike. Sananamize aliyense.

Koma mawu akewo anali kunja kwa zithunzi. Anthu atayamba kuzikopera n'kuziika pamasamba awo, mawuwo anatsala, zithunzi n'kumapita zokha. Ena anazilembera mawu awoawo ngati kuti ndi nkhani yongochitika kumene. Mlungu womwewo chithunzi cha Papa Francis atavala jekete yoyera yofufuma chinayenda ulendo wofanana. Chinayambira pa Reddit, m'gulu la anthu ogwiritsa ntchito Midjourney, kumene aliyense amadziwa kuti n'chopanga. Chitatuluka m'gululo, anthu ambiri anakhulupirira kuti Papa wavaladi choncho.

Amayi akamabwereketsa ndowa kumaliro kapena kuukwati amalemba dzina ndi penti pandowa penipenipo, osati pachivundikiro, chifukwa amadziwa kuti chivundikiro chimasokonekera. Chenjezo la pachithunzi likufunika nzeru yomweyo. Liyenera kulembedwa m'kati mwa chithunzicho, kuti kulikonse kumene chipite lipite nacho.

Chidindo chobisika ndi malire ake

Makampani akuluakulu ayesa kuthana ndi vutoli mwa kuika mbiri ya chithunzi m'kati mwa fayilo. Mu 2021 makampani a Adobe, Arm, Intel, Microsoft ndi Truepic pamodzi ndi wailesi ya BBC anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa C2PA. Njira yawo, imene ogwiritsa ntchito amaiona ndi dzina lakuti Content Credentials, imalemba chida chimene chinapanga chithunzi ndi zimene zinasinthidwapo, n'kutseka zonsezo ndi saini ya pakompyuta, yoti wina akasokoneza zimadziwika. Kamera yoyamba kukhala ndi luso limeneli inali Leica M11-P, imene inatuluka mu Okutobala 2023. Kuyambira mu Febuluwale 2024, OpenAI inayamba kuika chidindochi pazithunzi zopangidwa ndi mapulogalamu ake. Munthu akhoza kuika chithunzi patsamba la contentcredentials.org/verify n'kuona ngati chili ndi mbiri yotere.

Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi chibowo chachikulu, ndipo a OpenAI eni ake anavomereza kuti mbiriyi imachoka mosavuta. Munthu akangojambula sikirini ya foni, chotuluka chimakhala fayilo yatsopano yopanda mbiri. Masamba ambiri a mchezo nawonso amafinya zithunzi kuti zichepe, ndipo pofinyapo amataya zolembedwa zam'kati. Pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafika chitavulidwa zambiri mwa zimenezi, pamene chotumizidwa ngati Document chimafika mmene chinalili.

Kwa owerenga a kuno, kumene nkhani zambiri zimayenda m'magulu a pa WhatsApp, phunziro lake n'lofunika. Tsamba lija likaonetsa kuti chithunzi chinapangidwa ndi AI, umenewo ndi umboni wamphamvu. Likapanda kuonetsa kanthu, sizikutanthauza kuti chithunzicho n'chenicheni. Zikungotanthauza kuti palibe mbiri imene yatsala.

Chenjezo losanena kanthu

Kulemba m'kati mwa chithunzi ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kulemba mawu amene akuuza woona chimene chachitika.

Mu Meyi 2024 kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, inayamba kumata mawu akuti Made with AI pazithunzi. Posakhalitsa akatswiri ojambula anayamba kudandaula. Mmodzi mwa iwo anali Pete Souza, amene anali wojambula wamkulu ku White House m'nthawi ya a Barack Obama. Chithunzi chake chakale cha masewero a basiketibolo, chojambulidwa ndi kamera, chinamatidwa mawuwo, mwachionekere chifukwa cha zizindikiro zimene pulogalamu yokonzera zithunzi inasiya mufayilo. Mu Julayi chaka chomwecho Meta inasintha mawuwo kukhala AI info. Vuto linali lakuti chenjezo limodzi limaphimba zinthu zosiyana kwambiri: kufufuta kachitsotso pachithunzi chenicheni, ndi kupanga munthu amene kulibe. Chenjezo lotero likachuluka, anthu amaleka kuliwerenga.

Kumbali ina kuli osintha chithunzi osanena kalikonse. Pa 10 Malichi 2024, nyumba yachifumu ya Kensington ku Britain inatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, ali ndi ana ake atatu. Inali nthawi imene anthu amadera nkhawa za umoyo wake atachitidwa opaleshoni mu Januwale. Tsiku lomwelo mabungwe otumiza nkhani a AP, Reuters, AFP ndi Getty anachotsa chithunzicho n'kuuza manyuzipepala kuti asachigwiritse ntchito, ataona kuti pali posokonekera, makamaka pamkono wa juzi ya mwana wamkazi Charlotte. M'mawa mwake Catherine anapepesa, n'kunena kuti nthawi zina amayeserera kukonza zithunzi monga amachitira ojambula ambiri osakhala akatswiri. Kusinthako kunali kochepa. Koma chithunzicho chinaperekedwa ngati umboni wa mmene iye analili, ndipo kusintha kosanenedwa kunachititsa kuti anthu akayikire chithunzi chonse.

Mabungwe ngati AP ali ndi malire omveka. Amalola kudula m'mbali, kuwalitsa pang'ono kapena kukonza mtundu kuti ufanane ndi mmene maso anaonera. Salola kuonjezera kapena kuchotsa chinthu pachithunzi. Malire amenewa ndi othandiza ngakhale kwa munthu wamba, chifukwa akusiyanitsa kukonza kumene kumathandiza kuona bwino chimene chinalipo ndi kusintha kumene kumaonetsa chimene panalibe.

Patebulo la wokonza maposita

M'tauni iliyonse ndi pamaboma ambiri muli kashopu ka mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi laputopu ndi pulinta, amene amakonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, maposita a misonkhano ya chitsitsimutso ndi a zoimbaimba. Anthu amenewa ndi amene amasintha nkhope za ena tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani ya kulemba moona ikuwakhudza kuposa wina aliyense.

Tiyerekeze kuti banja lina labwera ndi kachithunzi ka malemu agogo awo, kakale, kotumbuluka, kongoonetsa mutu ndi mapewa. Akufuna chithunzi chachikulu choika papulogalamu ya mwambo woika chiliza.

Wokonzayo akangowalitsa kachithunziko, kudula m'mbali ndi kuchotsa madontho a chinyezi, agogowo akadali mmene kamera inawaonera. Apa sipafunika chenjezo.

Banjalo likapempha kuti agogo avekedwe suti ndi tayi, komanso kuti kumbuyo kukhale maluwa m'malo mwa khoma la nyumba, chithunzicho chayamba kunena zimene sizinachitike. Palibe choipa, poti banja lafuna lokha, koma zidzukulu zimene zidzachione patapita zaka makumi awiri zidzakhulupirira kuti agogo anali ndi suti imeneyo. Mzere umodzi m'munsi mwa chithunzi ukwanira: "Chithunzi chosinthidwa: zovala ndi kumbuyo n'zoonjezera."

Tsono wokonzayo akaika kachithunziko mupulogalamu ya AI yoti ikonze nkhope yosaoneka bwino, nkhani yakula. Mapulogalamu oterewa sabwezeretsa zimene zinafufutika, chifukwa sakuzidziwa. Amangopeka maso, mano ndi makwinya potengera nkhope zina zambirimbiri zimene anaphunzirapo. Chotuluka chimakhala chosalala ndi chokongola, koma nthawi zina ana a malemuwo amayang'ana n'kunena kuti awa si bambo athu. Wokonza woona mtima amaonetsa banjalo zithunzi ziwirizo pamodzi asanasindikize, ndipo likavomera amalemba kuti: "Nkhope yakonzedwa ndi AI kuchokera pachithunzi chakale." Chithunzi choyambirira amachibweza, ndipo amasunga kope lake losakhudzidwa.

Ngati banjalo lasankha kuti agogo ajambulidwe ngati penti kapena katuni, mawu ake akhale akuti: "Chojambula cha AI, si chithunzi cha kamera."

Mawu onsewa ali ndi zinthu zofanana. Akunena chimene chasinthidwa, osangoti "chokonzedwa". Ali m'chiyankhulo chimene oona chithunzicho amawerenga. Ndi aafupi. Ndipo malo ake ndi ofunika: asakhale m'mphepete penipeni pamene munthu angadule ndi zala ziwiri, koma alowe pang'ono m'chithunzi, pafupi ndi phewa kapena chifuwa, kuti wodula awononge chithunzi chomwe. Zilembo zikhale zoti ziwerengeke pafoni yaing'ono popanda kukuza. Dziko la Norway, limene kuyambira pa 1 Julayi 2022 limalamula kuti zithunzi zotsatsa malonda zikhale ndi chidindo ngati thupi kapena khungu la munthu lasinthidwa, linafika poika muyezo woti chidindocho chitenge pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a chithunzi. Anadziwa kuti chenjezo losaoneka n'chimodzimodzi kusalemba. Wokonza akaonjezera dzina la shopu yake ndi chaka, amathandiza aliyense wofuna kufunsa kumene chithunzicho chinachokera.

Pamene chenjezo silingathandize

Tsiku lina kushopu komweko kukubwera munthu wogulitsa mankhwala azitsamba. Akufuna posita yokhala ndi katuni ya woimba wina wotchuka atanyamula botolo la mankhwalawo akumwetulira. Akuti palibe vuto, alembepo kuti ndi chojambula cha AI.

Apa wokonza wanzeru amakana. Chenjezo lija likuyankha funso lakuti chithunzichi chinapangidwa bwanji. Silikuyankha funso limene aliyense woona positayo adzakhale nalo, lakuti kodi woimbayu amamwadi mankhwalawa ndipo akuwavomereza. Bodza lili pamenepo, ndipo limakhalapobe ngakhale chenjezo litalembedwa ndi zilembo zazikulu. N'chimodzimodzi kuika nkhope ya mfumu, m'busa kapena mphunzitsi pansalu ya chipani, kapena kuonetsa mtsikana atavala zimene sanavalepo. Chokhacho chimene chingayeretse chithunzi chotero ndi chilolezo cha mwini nkhope, ndipo ndi bwino chikhale cholembedwa, ngakhale uthenga wa pafoni wonena kuti chithunzicho chikagwiritsidwa ntchito yanji. Ngati ndi mwana, chilolezo chichokere kwa makolo.

Ngakhale cholinga chikhale chabwino, chenjezo silichotsa vuto lililonse. Mu 2023 bungwe la Amnesty International linagwiritsa ntchito zithunzi za AI pokumbukira zionetsero za mu 2021 ku Colombia, kumene apolisi anachitira nkhanza anthu. Bungweli linalembapo kuti zithunzizo n'zopangidwa ndi AI, ndipo linati limafuna kuteteza anthu enieni kuti asadziwike. Komabe linadzudzulidwa kwambiri mpaka linazichotsa. Odzudzulawo amati nkhanzazo zinachitikadi ndipo atolankhani anazijambula, tsono kuika zithunzi zopeka kumapatsa mpata okana kuti anene kuti zonse n'zabodza. Pamene chithunzi chikuimira umboni, chopeka sichiyenera kulowa m'malo mwa chenicheni.

Nanga makatuni a m'nyuzipepala, amene akhala akuseka andale kwa zaka zambiri? Amenewa ndi osiyana, ndipo kusiyana kwake n'kothandiza kukumvetsa. Katuni ya m'nyuzipepala imakhala ndi saini ya wojambula, imatuluka pamalo odziwika, ndipo wowerenga amadziwa kuti akumva maganizo a wojambulayo pa za wandaleyo. Siyerekeza kukhala uthenga wochokera kwa wandaleyo. Chithunzi chachinyengo chimabisa amene wachipanga n'kuyankhula m'dzina la amene wajambulidwa.

Nkhope yanu ikabedwa

Malamulo akutsatira pang'onopang'ono. Lamulo la mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya lokhudza AI, limene linayamba mu Ogasiti 2024, lili ndi gawo lofuna kuti wofalitsa chithunzi chopeka chofanana ndi munthu weniweni aulule kuti n'chopeka. Ku Malawi, lamulo la 2016 loona za ntchito za paintaneti ndi chitetezo chake limaletsa kuzunza munthu kapena kumutumizira mauthenga onyoza kudzera pamakina, ndipo kuba ndalama mwachinyengo ndi mlandu kale m'malamulo a dziko lino, kaya wakubayo wagwiritsa ntchito katuni kapena kalata.

Munthu akapeza kuti nkhope yake ikugwiritsidwa ntchito ndi wina, choyamba asunge umboni asanachite china chilichonse, chifukwa wakuba akadziwa kuti waonekera amafufuta msanga. Ajambule sikirini yoonetsa chithunzicho, dzina la akaunti, nambala ya foni, tsiku ndi mauthenga amene atumizidwa. Kenaka adziwitse abale ndi anzake kudzera panambala yake yodziwika, kapena ndi mawu ake enieni, kuti akaunti inayo si yake. Pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp pali batani la Report, ndipo pa Facebook ndi Instagram pali posankha kuti akauntiyo ikunamizira kukhala munthu wina. Ngati ndalama zatumizidwa kale, wotumizayo aimbire kampani ya foni nthawi yomweyo ali ndi nambala ya umboni wa kutumizako, kenaka apite kupolisi.

Ndipo inu amene foni yanu ili ndi pulogalamu yosandutsa nkhope, musanakongoletse chithunzi cha munthu wina mufunseni kaye mwini wake. Akalola, lembani m'kati mwa chithunzicho chimene mwasintha, m'Chichewa chomveka, musanachitumize kugulu lililonse.